Ngongole ya 36 Peresenti Yomwe Mumabweza 43

M'madoko a Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi, dandaulo limene limamveka nyengo ya mwera ikatha ndi limodzi. Munthu anakongola mpamba wa geni ya usipa, anauzidwa chiwongoladzanja, anawerengera yekha kunyumba n'kuona kuti akwanitsa, koma tsiku lobweza wapeza ndalama ina yapamwamba imene sanaimve. Akafunsa pa kauntala amangomutembenuzira kompyuta: "Mayi, si ine, ndi mmene zatulukira umu." Mayiyo amabwerera akuganiza kuti aberedwa. Nthawi zina aberedwadi, koma kawirikawiri ndalamayo inalipo kale m'pangano lomwe anasainira. Chinasowa ndi munthu wowamasulira nambala yolembedwa pa fomu kuti ifike pa nambala imene thumba limamva.

Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe a ngongole zing'onozing'ono amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo malamulo a 2010 anaika Gavanala wa bankiyo kukhala mlembi wamkulu wa mabungwe a zachuma. Cholinga chake n'chabwino, koma Gavanala sakhala nanu pa benchi pamene mlangizi wa ngongole akukuonetsani posaina, anthu khumi ali pamzere kumbuyo kwanu. Pamenepo mumakhala nokha ndi nambala, choncho tiyeni tiione nambalayo.

Pa fomu pamalembedwa, mwachitsanzo, 36 peresenti, motsatana ndi zilembo ziwiri, p.a., kutanthauza pachaka. Ichi ndi chiwongoladzanja cholengezedwa. Sichikuuzani zonse, chifukwa wobwereketsa sadikira kuti chaka chithe. Amagawa 36 uja m'magawo 12, n'kumawerenga 3 peresenti mwezi uliwonse. Mwezi ukatha, chiwongoladzanja chimene simunalipire chimaphatikizidwa ku ngongole, ndipo mwezi wotsatira nachonso chimayamba kubala.

Tiyerekeze mayi amene wakongola K500,000 kuti azigula usipa padoko, kuyanika pa thandala n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo pangano n'loti abweza zonse pamodzi chaka chikatha. Iye pamtima akuwerenga kuti 36 peresenti ya K500,000 ndi K180,000, ndiye adzabweza K680,000. Buku la wobwereketsa likuyenda mwina. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K15,000, ngongole yafika K515,000. Mwezi wachiwiri 3 peresenti ija ikuwerengedwa pa K515,000, ndiye yakhala K15,450. Kusiyana kwa K450 palibe amene angakudandaule, n'chifukwa chake anthu sakuona. Koma kumakwera mwezi ndi mwezi, ndipo pofika mwezi wa 12 chiwongoladzanja cha mwezi umodzi wokhawo chimaposa K20,700. Chaka chikatha ngongole yonse ndi K712,880. Mayi uja walipira K212,880 pamwamba pa mpamba, zomwe ndi 42.6 peresenti. K32,880 yomwe sanaiyembekezere ndi imene amakaifunsa pa kauntala ija.

Simufunika kulemba miyezi yonse 12 kuti mupeze zimenezi. Masamu ake ndi mzere umodzi:

```
(1 + r/n)^n - 1
(1 + 0.36/12)^12 - 1 = 0.4258
```

Chilembo r ndi chiwongoladzanja cholengezedwa, cholembedwa ngati 0.36 m'malo mwa 36, ndipo n ndi kangati pachaka chimaphatikizidwa ku ngongole. Pa foni wamba chitani chonchi: gawani 0.36 ndi 12, mupeza 0.03. Wonjezerani 1, ikhale 1.03. Ndiye lembani ndalama yomwe mukukongola n'kuichulukitsa ndi 1.03 maulendo 12, mukuwerenga ndi zala kuti musadumphe. Chomwe chatuluka ndi chimene mudzabweze. Anthu ambiri amalakwitsa pochulukitsa 1.03 ndi 12, n'kupeza 12.36, nambala yopanda tanthauzo pano. Ena amaiwala kuchotsa 1 pomaliza, n'kudabwa kuona 142 peresenti. Amene ali ndi kompyuta, monga alembi a magulu a alimi a nzimbe ku Dwangwa kapena a mpunga ku Bua, angalembe mu Excel:

```
=EFFECT(0.36,12)
```

Ngati kuphatikizako kumachitika tsiku ndi tsiku, n amakhala 365. Apa zala sizingathandize, pafunika batani lolembedwa x^y, lomwe pa mafoni ambiri amakono limaoneka mukaigoneka foniyo chammbali. Yankho lake ndi 43.3 peresenti, ndipo pa K500,000 ija chiwongoladzanja chimafika pafupifupi K216,500. Onani kuti kuchoka pa mwezi kupita pa tsiku kwangowonjezera ndalama yosakwana K4,000, pamene kuchoka pa chaka kupita pa mwezi kunawonjezera yoposa K32,000. Mawu akuti tsiku ndi tsiku amaopsa anthu, koma bala lalikulu lili kale pa mwezi. Chenjezo limodzi lokha: mukagawa 0.36 ndi 365 mupeza 0.000986 ndi manambala ena otsatira. Musaidule kuti ikhale 0.001, chifukwa kadulidwe kakang'onoko kakabwerezedwa ka 365 kakupatsani 44 peresenti, ndipo mukakangana ndi mlangizi pa nambala yolakwika.

Pomwe zinthu zimaima ndi pa n yemweyu. Fomu zambiri zimalemba 36 peresenti m'zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba, koma kangati chimaphatikizidwa mukakupeza kumasamba a kumbuyo, m'Chingerezi cha maloya, ngati kulipo n'komwe. Mukafunsa, alangizi ena amayankha kuti chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, n'kuthera pomwepo. Yankho limenelo silikwanira. Kuwerengedwa ndi kuphatikizidwa n'zosiyana. Banki ikhoza kuwerenga chiwongoladzanja tsiku lililonse pa ndalama yomwe yatsala, koma n'kuchilemba ku ngongole kamodzi pakutha kwa mwezi. Zikatero n ndi 12, osati 365, popeza chiwongoladzanja cha Lolemba sichibala Lachiwiri. Funso loyenera ndi ili: "Achimwene, chiwongoladzanja chimene sindinalipire chimayamba liti kubala chinzake?" Ndaona alangizi akusowa yankho pa funso limeneli, ndipo sindikhulupirira kuti onse amabisa dala. Ambiri anaphunzitsidwa kudzaza fomu ndi kufikitsa chiwerengero cha makasitomala chomwe abwana akufuna, osati kumasulira ngongole. Komabe bungwe lomwe likudziwa kuwerenga ndalama yanu mpaka tambala silingalephere kukulemberani papepala nambala imodziyi. Ngati sakuyankha, pemphani ndandanda ya kabwezedwe, yoonetsa mwezi uliwonse ngongole yotsala ndi chiwongoladzanja chake, muitenge kunyumba musanasaine.

Wina anena kuti iye amalipira chiwongoladzanja mwezi uliwonse, ndiye sichibala. N'zoona kuti ngongole yake siikula, ndipo chaka chikatha adzakhala atapereka K180,000 yokha. Koma K15,000 ya mwezi woyamba yachoka m'manja mwake miyezi 11 chaka chisanathe, ndalama yomwe ikanagula usipa n'kubweretsa phindu, ndipo wobwereketsa waikongoza kale kwa wina. N'chifukwa chake mtengo weniweni wa ngongoleyo umawerengedwabe 42.6 peresenti. Ndipo kuno kunyanja ndani amalipira mwezi uliwonse osaphonya? Mwera ukalimba pakati pa Meyi ndi Ogasiti, asodzi amakhala masiku angapo osalowa m'madzi, thandala limakhala lopanda kanthu, ndipo miyezi imeneyo ndi yomwe chiwongoladzanja chimaphatikizidwa, nthawi zambiri ndi chindapusa chochedwera pamwamba.

Palinso ndalama zomwe sizitchedwa chiwongoladzanja: ya fomu, yokonzera ngongole, ya inshuwalansi. Zimadulidwa musanalandire, ndipo masamu aja saziona pokhapokha mutaziikamo nokha. Tinene kuti pa K500,000 ija adula K25,000. Mayi uja walandira K475,000 m'manja, koma adzabweza K712,880 yomwe ija. Gawani yobweza ndi yolandira, muchotse 1, mupeza kuti ngongole yake ndi ya 50 peresenti. Ikakhala ya miyezi itatu yokha, monga amakondera a geni ya nsomba, zimaipiratu. Adzabweza K546,364 pa K475,000, yomwe ndi 15 peresenti pa miyezi itatu, ndipo 1.15 ikachulukitsidwa yokha kanayi imafika pafupifupi 75 peresenti pachaka. Ndalama yodulayo ndi imodzimodzi, koma wailipira pa nthawi yaifupi, ndipo akakongolanso adzailipiranso.

Masamu athuwa ali ndi malire ake. Mabungwe ena amawerenga 3 peresenti pa K500,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale mukubweza mpamba pang'onopang'ono. Mumapereka K56,667 pamwezi kwa miyezi 12, zonse pamodzi K680,000, ndipo zimaoneka ngati 36 peresenti yeniyeni. Koma pofika pakati pa chaka theka la mpamba mwabweza kale, chikhalirecho mukulipirabe ngati muli nayo yonse. Ngongole yotere mtengo wake weniweni ndi pafupifupi 81 peresenti pachaka, ndipo mzere uja wa r ndi n sungakuonetseni. Chizindikiro chake chili pa ndandanda: ngati chiwongoladzanja cha mwezi womaliza chikufanana ndi cha mwezi woyamba pamene ngongole yotsala yatsika, mwakumana nayo.

Ku banki m'khonde ndi kwa akatapila salankhula za pachaka, amangotchula za pamwezi, ndipo apa palibe chogawa. Onjezani 1, muichulukitse yokha ka 12, kenako muchotse 1. Amene akuti 10 peresenti pamwezi akunena 214 peresenti pachaka, osati 120. Wa 20 peresenti pamwezi akunena pafupifupi 792. Ku banki m'khonde phindulo mumadzagawana nokha pomaliza, ndiye gawo lina limabwerera kwa inu, pomwe kwa katapila limapita lonse, ndipo poti sanalembetsedwe kulikonse, mlembi wamkulu uja sangakuthandizeni naye.

Ngati bungwe lolembetsedwa lakuwerengerani mosiyana ndi zomwe zili m'pangano, dandaulo limayamba kwa mkulu wa nthambi yomweyo, molemba, ndipo musunge kope yodindidwa. Likakanika pamenepo ndiye limapita ku Reserve Bank, yomwe ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kwa munthu wa ku Nkhotakota ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndipo thiransipoti yopita ndi kubwera ingadye gawo lalikulu la ndalama yomwe mukulondola, choncho yambani ndi kalata. M'kalatamo ikani kope ya pangano, ndandanda ya kabwezedwe, malisiti onse, ndi masamu anu oonetsa r, n ndi ndalama yomwe munalandiradi m'manja. Mabungwe ena sapereka kope ya pangano mpaka mutaiitanitsa, ndiye iitanitseni tsiku losaina lomwelo.