Kuchita maere pa mizere 50 miliyoni popanda kugwedeza tebulo lonse

Tiyerekeze kuti kampani ina yotumiza ndalama pafoni ili ndi tebulo la malipiro m'nkhokwe yake ya pakompyuta. Malipiro aliwonse ali pa mzere wake, ndipo mizereyo yafika 50 miliyoni. Ofufuza mabuku a ndalama abwera, ndipo sangathe kuona mizere yonseyo. Akufuna mizere 500 yokha, koma yosankhidwa mwamaere, kuti pasakhale wonena kuti akampani anawapatsa malipiro abwino okhaokha n'kubisa okayikitsa. Ntchito yaikidwa m'manja mwa amene amayang'anira nkhokweyo, ndipo chida chake ndi SQL, chilankhulo chimene anthu amafunsira deta m'nkhokwe zoterezi. Zitsanzo za m'nkhani ino ndi za pulogalamu ya PostgreSQL.

Pafupifupi aliyense amayamba ndi lamulo ili:

```sql
SELECT * FROM malipiro
ORDER BY random()
LIMIT 500;
```

Kompyuta imapatsa mzere uliwonse nambala yamaere, imandandalika mizereyo potsata manambalawo, kenako n'kutenga 500 yoyambirira. Pa nkhani ya chilungamo lamuloli lilibe banga, chifukwa mzere uliwonse uli ndi mwayi wofanana ndi unzake. Pa tebulo la mizere masauzande ochepa palibenso chifukwa chofunira njira ina. Vuto limabwera tebulo likakula. Kuti kompyuta idziwe mizere 500 imene yapata manambala aang'ono kwambiri, iyenera kugwira mizere yonse 50 miliyoni, umodziumodzi.

PostgreSQL imasunga tebulo m'masamba, tsamba lililonse lolemera makilobayiti 8. Ngati mzere umodzi uli pafupifupi mabayiti 200, tsamba limodzi limanyamula mizere pafupifupi 40. Ndiye kuti tebulo lathu lili ndi masamba pafupifupi 1,250,000, omwe ndi magigabayiti 10. Onsewa ayenera kuwerengedwa kuti papezeke mizere 500. Kunena zoona, PostgreSQL ndi yochenjera pamenepa: ikaona `LIMIT` sindandalika mizere yonse mpaka kumapeto, imangosunga 500 yomwe ikutsogola n'kumataya ina. Koma kuwerenga masamba onse sikuzembeka, ndipo nthawi imeneyo disiki imakhala yotanganidwa pamene makasitomala akufunanso kutumiza ndalama. Mukalemba `EXPLAIN ANALYZE` kutsogolo kwa lamuloli, mudzaona mawu akuti `Seq Scan`, kutanthauza kuti tebulo lawerengedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndiponso `top-N heapsort`, komwe ndi kundandalika kuja.

Kuyambira pa PostgreSQL 9.5, yomwe inatuluka mu 2016, pali njira yachidule yotchedwa `TABLESAMPLE`. Mumangouza kompyuta gawo la tebulo limene mukufuna, pa 100 aliyense:

```sql
SELECT * FROM malipiro
TABLESAMPLE SYSTEM (0.001);
```

Gawo la 0.001 pa 100 la mizere 50 miliyoni ndi 500. Yankho limabwera m'kuphethira kwa diso, ndipo munthu amene anadikira lamulo loyamba lija amangoona ngati mavuto atha. Koma pamenepa m'pofunika kufatsa. `SYSTEM` sichita maere pa mizere, imachita maere pa masamba. Imasankha masamba angapo n'kukupatsani zonse zimene zili m'menemo. Pa tebulo lathu, gawo limeneli ndi masamba 12 kapena 13 okha. Mizere 500 ija yachokera m'malo 12 kapena 13 basi.

Ganizani za munthu wogula chimanga amene wapeza matumba ambirimbiri m'nyumba yosungira katundu. Akakhuthula matumba 12 athunthu adzaona maso a chimanga ochuluka zedi, koma wadziwa za matumba 12 okha. Anankafumbwe akhoza kukhala atadya mbali yonse ya kuseri iye osadziwa. Amene watapa pang'onopang'ono m'matumba 500 osiyanasiyana ndiye wadziwa chimanga chimene akugula.

Masamba a tebulo amakhalanso choncho, chifukwa mizere yolembedwa nthawi imodzi imakonda kugona tsamba limodzi. Pa kampani yotanganidwa, malipiro 40 akhoza kulowa m'masekondi ochepa. Choncho ofufuza aja akhala atapatsidwa malipiro a mphindi 12 kapena 13 pa zaka zonse zimene kampaniyo yagwira ntchito. Ngati chinyengo chinachitika sabata imodzi ya Disembala, n'kutheka kwambiri kuti palibe ngakhale tsamba limodzi la sabatayo limene lasankhidwa. Kuzindikira vutoli n'kosavuta: ndandalikani mizere imene mwapatsidwa potsata `id` kapena tsiku, ndipo mudzaona manambala otsatizana ali m'magulumagulu, pakati pawo pali mipata yaikulu. Komanso chiwerengero sichikhala 500 ndendende. Lero mupeza 440, mawa 600, chifukwa chimene mwapempha ndi gawo osati chiwerengero.

Sindikunena kuti `SYSTEM` ndi yoipa. Wofuna kungoyerekeza mwachangu, kapena wofuna deta yoyesera pulogalamu yatsopano, imamukwanira. Ngakhale pa kafukufuku imathandiza ngati mwatenga masamba masauzande ambiri. Koma pamene munthu adzasaine kuti malipiro awa akuimira malipiro onse, masamba 13 n'ngochepa.

`TABLESAMPLE` ili ndi mtundu wachiwiri, `BERNOULLI`, umene umachita maere pa mzere uliwonse paokha. Umenewu ndi wachilungamo ndipo sundandalika kanthu, koma umayendabe masamba onse 1,250,000. Mwapulumuka kundandalika, kuwerenga kwatsala.

Njira imene ine ndimaikonda pa ntchito ngati iyi imatembenuza funso. M'malo mopita ku tebulo kukapatsa mzere uliwonse nambala, timayamba tachita maere a manambala kunja kwa tebulo, kenako n'kupita kukatenga mizere ya manambala okhawo. Izi zimatheka chifukwa matebulo ambiri ali ndi danga la `id`, nambala imene imakwera mzere watsopano ukalowa, ndipo dangalo lili ndi indekisi. Indekisi ndi kalozera amene amafikitsa kompyuta pa mzere umodzi itangotsegula masamba anayi kapena asanu, ngakhale tebulo likhale lalikulu chotani.

Chovuta ndi mipata. Mizere ina inafufutidwa, ndipo malipiro ena analephereka nambala itatengedwa kale, moti nambalayo inangopita padera. Tinene kuti pa tebulo lathu `id` yaikulu kwambiri ndi 60,000,000 pamene mizere yomwe ilipo ndi 50 miliyoni. Ndiye kuti pa manambala asanu ndi limodzi alionse amene tisankhe, asanu apeza mzere, imodzi igwera pampata. Mankhwala ake n'kusankha manambala oposa amene tikufuna. Tikasankha 700, tiyembekezere kupeza mizere pafupifupi 583, ndipo kusinthasintha kwake nthawi zambiri sikupitirira 20 kapena 30 uku ndi uku. Ndiye 500 ikwana bwinobwino.

```sql
SELECT m.*
FROM (SELECT DISTINCT
        1 + floor(random() * 60000000)::bigint AS id
      FROM generate_series(1, 700)) AS maere
JOIN malipiro m USING (id)
ORDER BY random()
LIMIT 500;
```

Mbali yamkati ikupanga manambala 700 apakati pa 1 ndi 60,000,000, ndipo `DISTINCT` ikuchotsa nambala imene yabwera kawiri. `JOIN` ikupita ndi manambalawo ku indekisi. Amene agwera pampata amangosowa osabweretsa kanthu. Wina adabwa kuona `ORDER BY random()` yabweranso kumapeto. Pano ikundandalika mizere 583 yokha, ntchito yosatenga nthawi, ndipo ndi yofunika. Popanda iyo, kompyuta ikhoza kubweretsa mizereyo motsata `id`, ndipo `LIMIT` ingadule ya kumapeto, omwe ndi malipiro atsopano kwambiri. Masamba owerengedwa onse pamodzi ndi masauzande atatu kapena anayi m'malo mwa 1,250,000, koma mzere uliwonse umene ulipo unali ndi mwayi wofanana ndi unzake. `EXPLAIN ANALYZE` iyenera kusonyeza `Index Scan` pa tebulo la malipiro. Mukaona `Seq Scan`, dziwani kuti indekisi palibe kapena siikugwiritsidwa ntchito.

Pali misampha iwiri pafupi ndi njira imeneyi, ndipo yonse imaoneka ngati nzeru. Woyamba ndi kulemba `WHERE id = floor(random() * 60000000)` poganiza kuti kompyuta isankha nambala imodzi n'kukaifuna. Sitero. PostgreSQL imadziwa kuti `random()` imasintha nthawi iliyonse ikaitanidwa, ndiye imaiitana mwatsopano pa mzere uliwonse. Indekisi imasiyidwa, tebulo lonse limawerengedwa, ndipo yankho limakhala mzere umodzi, iwiri, kapena osapezeka n'komwe. N'chifukwa chake maere ayenera kuchitikira padera, tebulo lisanakhudzidwe.

Msampha wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa umathamanga ndipo subwera chimanjamanja. Munthu wotopa ndi mipata amati: ngati nambala yagwera pampata, tingotenga mzere wotsatira. Amasankha nambala, n'kufunsa mzere woyamba umene `id` yake ikufanana nayo kapena kuiposa. Tsopano tinene kuti chaka china anafufuta mizere 2 miliyoni yotsatizana. Nambala iliyonse yogwera mumpata umenewo ikafikira pa mzere umodzi womwewo, umene uli pakhomo pa mpatawo. Mzere wamba uli ndi mwayi umodzi pa 60 miliyoni, koma uwu uli ndi mwayi umodzi pa 30. Mukachita maere ka 500, ubwera maulendo pafupifupi 17. Mukaona mzere womwewomwewo ukungobwerabwera, chifukwa chake n'chimenechi. Nambala yogwera pampata iyenera kutayidwa, osati kukankhidwira kwa mnzake.

Njira ya manambalayi ilinso ndi malire ake. Imafuna `id` yokhala nambala, choncho siithandiza pa tebulo limene limagwiritsa ntchito `uuid`, zilembo zazitali zosatsatana zija. Imafookanso ngati mukufuna kagawo kochepa ka tebulo. Ofufuza akati akufuna malipiro 500 a boma limodzi lokha, ndipo bomalo lili ndi mzere umodzi pa 100 iliyonse, muyenera kusankha manambala pafupifupi 70,000 m'malo mwa 700. `TABLESAMPLE` nayo siikupulumutsani apa, chifukwa imayamba yasankha masamba kenako ndiye n'kusefa ndi `WHERE`, moti pa mizere 500 mutsala ndi pafupifupi isanu yokha. Zikatere, ngati danga la boma lili ndi indekisi, n'kwabwino kuyamba mwasefa mizere 500,000 ya bomalo n'kubwerera ku `ORDER BY random()` pa yokhayo.

Pomaliza, ofufuza adzabweranso patapita miyezi kufunsa za mizere yomweyo, ndipo maere sabwereza okha. `TABLESAMPLE` ili ndi mawu akuti `REPEATABLE (42)`, amene amabweretsa mizere yomweyo nthawi zonse mukapereka nambala yomweyo, koma pokhapokha ngati tebulo silinasinthe, pamene tebulo la malipiro limasintha sekondi iliyonse. Chodalirika n'kulemba ma `id` 500 amene asankhidwa m'tebulo lina laling'ono tsiku lomwelo, pamodzi ndi deti, lamulo limene linagwiritsidwa ntchito, ndi `id` yaikulu imene inalipo nthawi imeneyo.