MONI WA MWANA KWA AKULU

M'midzi yozungulira Chipata, mwa Achewa ndi Angoni omwe, mwana ayamba kuphunzira moni ndi manja asanadziwe mawu. Akali kumsana, amake amgwira timanja namuombetsa pamene mlendo ampatsa nthochi. Pofika zaka zitatu, adziwa kulandira chinthu ndi manja awiri, nanena "Zikomo."

Mawu atsata pambuyo. Tinene kuti agogo afika kuchokera ku Katete. Mwana sawapatsa moni ali chiimire. Ayamba wawalandira katundu, nawayalira mphasa, nadikira kuti akhale pansi. Pamenepo mtsikana agwada, mnyamata anjuta, naomba m'manja, nati, "Muli bwanji, agogo?" Kwa wamkulu sanena "iwe" koma "inu", angakhale munthuyo ali mmodzi, ndipo samtchula dzina.

Makolo ena alakwa pakukalipira mwana wamanyazi pamaso pa mlendo. Mwana wotere aphunzira kuthawira kuseri kwa nkhokwe akangoona munthu. Nkwabwino kuti amake agwade naye pamodzi, ayambe iwo mawuwo, iye natsatize. Tsiku limene achita yekha, amuyamike.

Moni uphunzitsa mwana kudikira yankho asanalankhulenso. Umdziwitsanso abale ake: atate aang'ono ndi awa, mlongo wa amake ndi uyu, amene Achewa amati atsibweni, Angoni amati amalume. Wozolowera kulankhula ndi akulu saopa kufunsa mphunzitsi pamene sanamve, ndipo akasokera potumidwa kumudzi wina, afunsa njira. Akulu anati, kuongola mtengo mpoyamba.