Kuwenga zikhadabo za mphaka wamantha popanda kulimbana naye

Amphaka ambiri safunika kuwengedwa zikhadabo. Mphaka amene amayenda panja, kukwera mitengo ya mango ndi kusaka mbewa kunkhokwe amadzinolera yekha pa makungwa a mitengo, ndipo zikhadabozo ndi zimene zimamupulumutsa galu wa aneba akamuthamangitsa. Kumuwenga wotereyu n'kumulanda chida chokwerera mumtengo. Amene nkhaniyi ikumukhudza ndi mphaka wokhala m'nyumba, amene zikhadabo zake zayamba kukola mu neti ya udzudzu kapena mu bulangete mpaka kulephera kudzimasula, makamakanso mphaka wokalamba amene wasiya kukanda zinthu.

Chikhadabo cha mphaka chimakula mosanjikizana. Mphaka akamakanda mtengo, gamba lakunja lokalamba limasupuka, n'kusiya lakuthwa m'kati. Ndiye mukapeza kachigamba kooneka ngati chikhadabo chonse pafupi ndi mpando, musade nkhawa, sanathyoke. Mphaka akakalamba, mfundo za miyendo zimayamba kumupweteka, amasiya kukanda, ndipo magamba aja amangounjikana. Chikhadabo chimanenepa, chimapindika mozungulira, mapeto ake chimaboola kansi kofewa ka phazi lomwelo n'kuyambitsa bala. Nthawi zambiri eni ake amazindikira mochedwa, mphaka atayamba kutsimphina kapena kunyambita phazi limodzi kosalekeza.

Mphaka ali ndi zikhadabo 18: zisanu ku phazi lililonse lakutsogolo ndi zinayi ku phazi lililonse lakumbuyo. Chachisanu cha kutsogolocho chili pamwamba pang'ono, chakum'kati kwa mwendo, ndipo sichigunda pansi. Ndi chimene anthu amaiwala, ndiponso ndi chimene chimafulumira kupindikira mu mnofu. Zakumbuyo zimaperepeseka zokha poyenda, kotero nthawi zambiri zimangofunika kuziyang'ana.

Musanagwire chowengera, dziwani kaye pamene simuyenera kudula. Mphaka amabisa zikhadabo zake, ndipo kuti chimodzi chituluke mumaika chala chanu chachikulu pamwamba pa kachala kake, cha mkombaphala pansi, n'kufinya pang'ono chabe. Mukachiyang'ana cham'mbali pamalo owala, muona kuti kunsonga n'koyera mbee, koonekera m'kati, koma chakutsinde kuli kachigawo kofiirira. Kofiirirako ndi mnofu wamoyo, muli mitsempha ya magazi ndi ya ululu. Mukadula pamenepo magazi amatuluka, mphaka amamva kupweteka kwambiri, ndipo saiwala. Dulani kansonga kopindika kokha, kusiya mamilimita 2 kapena kuposerapo kuchokera pamene pathera pofiirira. Ngati chikhadabo n'chakuda moti m'kati simukuoneka, walitsani tochi ya foni kumbuyo kwake. Zikakanikabe, chotsani kansonga kobaya kokha. Kusiya chikhadabo chachitali pang'ono sikupweteka aliyense.

Chida chabwino ndi kasizasi kowengera amphaka, kokhala ndi mano okumbika mozungulira, kamene kamapezeka m'masitolo a zinthu za ziweto. Ngati mulibe, chowengera zikhadabo cha anthu chimagwira ntchito bola chikhale chakuthwa. Chikhadabo cha mphaka n'chophwatalala m'mbali, choncho chowengeracho muchipendeketse kuti mano ake agwire mbali zophwatalalazo, apo ayi chikhadabo chimang'aluka. Chobuntha chimaphwanya m'malo modula. Lezala, limene ambiri a ife tinakulira kuwengera zala zathu, lisayandikire n'komwe phazi la nyama imene ingadzidzimuke nthawi ina iliyonse.

Koma zonsezi n'zophweka. Ntchito yeniyeni ili pa mantha a mphakayo.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphaka wovuta amafunika anthu atatu, wina kugwira mutu, wina miyendo, wina kudula mofulumira. Tsiku loyamba zimatheka ndithu. Koma mphaka amaphunzira kuti chowengera chikaoneka, chotsatira ndi kupanikizidwa, ndipo ulendo wachiwiri amayamba kumenya nkhondo musanamugwire. Chimodzimodzi kumunyamula pa chikopa cha kumbuyo kwa khosi. Anthu amati ndi mmene mayi ake ankamunyamulira, koma zimenezo ndi za ana amphaka. Wamkulu akagwidwa motero angathe kuuma thupi osasuntha, koma kuumako n'kwa mantha, si kudekha.

Tiyerekeze mphaka wamkazi wa zaka 12, wokhala m'nyumba, amene amalola kumusisita pamutu koma mukangokhudza phazi amalibweza n'kuthawira kunsi kwa bedi. Zikhadabo zake zakutsogolo zayamba kumveka kuti kwe kwe pa simenti, ndipo chija cha m'mbali chatsala pang'ono kukhudza mnofu.

Masiku oyamba simudula kalikonse. Sankhani nthawi imene ali ndi tulo, masana kukatentha, ana atatuluka, wailesi itazimitsidwa. Khalani pambali pake pamalo amene iye wasankha kugona. Musisiteni paphewa, dzanja litsikire kumwendo, likhudze phazi kwa kamphindi kamodzi, kenako mupatseni kachidutswa ka nyama ya nkhuku yophika kapena kausipa kamodzi kopanda mchere wambiri. Basi, za tsikulo zatha. Dongosolo lake ndi lofunika: kukhudza kuyambe, chakudya chitsatire, kuti m'mutu mwake kugwidwa phazi kukhale chizindikiro choti kankhuku kakubwera. Chakudya chimenechi chikhale cha ntchito imeneyi yokha.

Akayamba kulola osabweza phazi, wonjezerani pang'ono. Gwirani phazi m'dzanja masekondi atatu. Tsiku lina finyani kachala kamodzi kuti chikhadabo chituluke, musiye, mumupatse. Akakoka phazi, musalimbitse dzanja, lisiyeni lipite. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja la munthu limangofinya lokha chinthu chikamapulumuka. Mphaka akadziwa kuti angathe kuchotsa phazi nthawi iliyonse, amasiya kulichotsa kawirikawiri.

Pa nthawi yomweyi azolowere chowengera. Chisiyeni pafupi ndi pogona pake kuti achinunkhize. Kenako azolowere kulira kwake: tengani kamtengo ka supageti wosaphika, mukadule ndi chowengeracho iye ali pafupi, n'kumupatsa kankhuku. Kuthyoka kwa supagetiyo kumamveka mofanana kwambiri ndi kuduka kwa chikhadabo. Mphaka wina zonsezi amazimaliza m'masiku ochepa, wina amatenga milungu iwiri kapena itatu. Amene amalamula liwiro ndi mphakayo.

Tsiku lodula likafika, konzeranitu zonse: chowengera, chakudya, kambale ka ufa woyera wosalala ndi kansalu koyera. Mphaka akhale pamiyendo panu atakufulatirani, kapena agone cham'mbali pomwe wazolowera. Ngati muli awiri, mnzanuyo ntchito yake si kugwira koma kumunyambititsa chakudya chofewa pa supuni. Tulutsani chikhadabo, onani pofiirira, ikani chowengera pa nsonga, dulani kamodzi mosazengereza. Kwa mphaka wathu uja, yambani ndi chikhadabo cha m'mbali chija, popeza ndi chimene chili pafupi kuvulaza. Mukadula chimodzicho, mupatseni chakudya, muimirire muzipita. Mtima udzakuuzani kuti poti walola, mungomalizitsa. Musaumvere. Zikhadabo zakutsogolo zilipo khumi, ndipo chimodzi pa tsiku ndi masiku khumi okha. Pakapita miyezi mudzayamba kudula ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Pambuyo pake muziyang'ana mapazi milungu iwiri kapena inayi iliyonse, n'kudula zokhazo zimene zatalika.

Mphaka amachenjeza asanalume, kungoti machenjezo ake ndi a thupi. Nsonga ya mchira imayamba kugwedezeka, kenako mchira wonse umamenya pansi. Khungu la pamsana limanjenjemera. Makutu amatembenukira m'mbali, kenako amagona chakumbuyo. Chakuda cha m'maso chimakula ngakhale m'chipinda muli mowala. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi chakudya: mphaka amene amakonda nkhuku akaikana ili pakamwa pake, ndiye kuti mantha afika poti sangaphunzirenso kanthu. Lekerani pomwepo. Mukadikira mpaka alire mwaukali, mwachedwa. Akayamba kupuma atayasama kukamwa, msiyeni msanga pamalo ozizira ndi abata, chifukwa kwa mphaka kupuma koteroko n'chizindikiro choopsa, ndipo kukapitirira n'kofunika dokotala.

Nanga zomukulunga mu thaulo? Zimathandiza amphaka ena, amene amadekha akabisika. Mumayala thaulo kapena chitenje chokhuthala, mphaka pakati, n'kukulunga mbali zonse ziwiri mosamanga khosi, mutu ndi phazi limodzi zili kunja. Koma ena thaulolo limawaonjezera mantha. Akayamba kuphiriphitha mwamphamvu, mmasuleni. Thaulo ndi lothandiza pa chikhadabo chimodzi chimene sichingadikire, si njira yodumphira masiku ophunzitsa aja.

Ngati mwadula mopitirira n'kutuluka magazi, musakuwe. Tengani ufa pang'ono pa chala, muupanikize pa nsonga ya chikhadabocho kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuliponso ufa wapadera woletsa magazi umene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito. Nthawi zambiri magazi amaleka pasanathe mphindi zisanu, ndipo akapitirira mphindi khumi, pitani kwa dokotala wa ziweto. Musamupatse mankhwala a anthu ochepetsa ululu. Panado ndi poizoni kwa mphaka: chiwindi chake sichitha kuwasungunula mankhwalawa monga chimachitira cha munthu, ndipo piritsi limodzi lingathe kumupha. Zikatere, maphunziro aja ayambirenso pa kukhudza phazi.

Dzitetezeninso inuyo. Mano a mphaka ndi opyapyala, amalowa kwambiri n'kusiya tizilombo m'kati pomwe pamwamba patsekeka msanga, n'chifukwa chake bala lake limatupa pasanathe tsiku. Akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15. Ngati walumira m'kati, makamaka pa dzanja, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mphaka amene sanabayidwe katemera wa chiwewe, kapena amene simukumudziwa bwino, musayambe n'komwe kumugwira mapazi.

Pali zina zimene si za pakhomo. Chikhadabo chikakhala kuti chalowa kale mu mnofu, phazi latupa, likununkha kapena likutuluka mafinya, musachizule nokha, popeza pamafunika kutsuka bala ndi mankhwala oyenera. Mphaka amene ankalola kale kugwidwa mapazi koma wayamba kukana mwadzidzidzi angakhale akumva ululu m'mfundo, ndipo afunika kupimidwa. Ndipo alipo amphaka amene ngakhale mutawaphunzitsa mwezi wathunthu mantha sawachoka. Kwa amenewa dokotala wa ziweto angathe kulemba mankhwala odekhetsa, monga gabapentini, oti amwe kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti awengedwe, pa mlingo woyenderana ndi kulemera kwa mphakayo ndi thanzi la impso zake.