Tsiku limene nkhwazi inasanduka "nkhwangwala"

Mwera wa mu Julaye ukavuta, mabwato a pa dooko la Makawa sapita pa madzi. Anyamata amangokhala pansi pa mtengo n'kumasoka maukonde, ndipo munthu ukabwera ndi kanthu koseketsa umapeza anthu okumvera. Sabata imeneyo ine ndinabwera ndi mawu opinda lilime amene ndinalemba ndekha. Ndinasankha malembo atatu oyenda limodzi, nkh, chifukwa kuno kunyanja ali ponseponse: nkhafi, nkhanu, nkhono, nkhungu zouluka ngati utsi pamwamba pa madzi. Ndinalemba kuti:

Nkhuku, nkhanga ndi nkhunda zadya nkhungu pa nkhokwe ya ankhoswe.

Chiganizochi chili ndi nkh kasanu n'kamodzi, maphatikizo 18. Mdzukulu wanga wa Sitandade 3 anachinena kakhumi mosapumira, akujowa chingwe. Msodzi wina anachinena akutafuna chinangwa. Mayi wina woyanika usipa anangoti, "Achimwene, imeneyi ndi nyimbo yosinjira chimanga." Ananena zoona, ndipo mawu awowo ndi amene ananditsegula maso.

Lilime silidana ndi kubwereza chinthu chimodzi. Ukamasinja, musi umagwa malo amodzimodzi ndipo manja amazolowera. M'chiganizo changa chija nkh ankabwera pafupifupi nthawi zonse kumayambiriro kwa mawu, ndipo pambuyo pake pankabwera u, a, u, u, o, o. Mawu aliwonse anali ndi nkhope yakeyake, moti panalibe awiri oti n'kusokonezana. Lilime limapunthwa likakumana ndi mapasa, mawu ofanana kwambiri koma osiyana pa kanthu kamodzi kokha, n'kumasinthanasinthana malo.

Ndiye ndinakhala pakhonde usiku n'kufufuza abale ake a nkh. Mukanena ka, kha, nga ndi nkha, kumbuyo kwa lilime kumagunda malo amodzimodzi, kumwamba chakukhosi. Kusiyana kwake kuli kwina. Gwirani kapepala pafupi ndi milomo: pa ka sikagwedezeka kwenikweni, pa kha kamakupizika ndi kampweya. Tsinani mphuno: kha amatuluka bwinobwino, koma nkha ndi nga amatsamwa, chifukwa amayambira m'mphuno. Ikani chala pakholingo: pa nga kholingo limanjenjemera mosalekeza, pomwe pa nkha limayamba kunjenjemera, n'kudukiza, mpweya n'kuphulika. Ndiye kuti nkh yekha amafuna mphuno itseguke kenako itsekeke, kholingo lilire kenako likhale chete, mpweya utuluke. Mukaonjezerapo w, milomo nayo iyenera kutsonga. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Mapasa amene ndinkawafuna anali pamtengo wa m'mbali mwa nyanja, akulira m'mamawa mutu ataukhotetsera kumsana. Nkhwazi, mbalame ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Ndipo mnzake ndi ngwazi, dzina limene aliyense wa msinkhu wanga analimva pa wailesi tsiku lililonse nthawi ya Kamuzu. Nkhwazi, ngwazi. Ndinawomba m'manja ndekhandekha. Kenako anabwera ena awiri, nkhwangwa ndi khwangwala, amene amasiyana pa n wakumayambiriro ndi la wakumapeto basi. Ndinataya nkhuku ndi nkhunda zonse, n'kusunga a pambuyo pa w pafupifupi paliponse kuti mawu afanane mokwanira, ndipo chinatuluka ndi ichi:

Nkhwazi ya ngwazi yakwapula khwangwala, khwangwala wagwetsa nkhwangwa ya ngwazi.

Taonani kuti nkh watsala kawiri kokha, pomwe poyamba anali kasanu n'kamodzi. Koma tsopano wazunguliridwa ndi ngw, kw, khw ndi gw, ndipo sabwera mwa dongosolo loti lilime n'kuliloweza. Maphatikizo alipo 23, okwanira mpweya umodzi. Ndinayesa kuchitalikitsa, koma ndinaona kuti munthu akapuma pakati amapeza mpata wokonzanso pakamwa, ndipo msampha umafwamphuka wopanda kanthu.

Kuyesa kwake ndinakukonza mosamala, chifukwa munthu amatha kulakwitsa pa zifukwa ziwiri. Mwina waiwala mawu, mwina lilime lamuthawa. Woiwala amaima, amayang'ana kumwamba, kapena amadumpha mawu athunthu. Wothawidwa lilime saima, amatulutsa mawu oti kulibe, n'kudabwa yekha. Choncho aliyense ankayamba wanena pang'onopang'ono katatu mosaphonya, kuti tidziwe kuti waloweza. Kenako ankanena kakhumi motsatira kuwomba m'manja kwa mdzukulu wanga, amene ankafulumizitsa pang'onopang'ono. Ndinakonzanso chiganizo china cha maphatikizo 23 omwewo chopanda msampha, chakuti "Dengu la amayi ladzaza ndi usipa, usipa wafika ku msika." Munthu akapunthwa pa zonse ziwiri, ndiye kuti vuto ndi liwiro chabe. Akadutsa pa usipa n'kugwa pa nkhwazi, ndiye kuti chiganizo chagwira ntchito.

Panali chinanso chofunika chilungamo. Kuno ku Mangochi ambiri anayamwira Chiyao, chimene sichisiyanitsa k ndi kh, ndipo nkhuku amati nguku. Munthu wotere akanena kwangwala m'malo mwa khwangwala, ndipo anatero ngakhale ponena pang'onopang'ono, ameneyo sanaphonye, ndi kalankhulidwe kake. Tinagwirizana kuti tiziwerenga pokhapo pamene wanena mosiyana ndi mmene iye mwini ananenera poyamba.

M'mawa mwake mwera unali usanaleke. Ndinayamba ndi msodzi wa chinangwa uja. Pa usipa anathamanga ngati boti la injini. Pa nkhwazi anadutsa kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu anafuula ndi mtima wonse kuti, "Nkhwazi ya nkhwazi yakhwapula nkhwangwala!" Dooko lonse linagwa ndi phwete. Iye anayang'ana uku ndi uku, akufunsa kuti, "Nkhwangwala ndiye chiyaninso?" Chimenecho ndiye chizindikiro chimene ndinkachidikira. N wa nkhwangwa, amene anali asanafike nthawi yake, anathamangira kutsogolo n'kukakwera pa khwangwala. Mayi wa usipa uja, amene dzulo lake anati ndalemba nyimbo yosinjira, anaika lichero pansi, anamanga chitenje bwinobwino, n'kuyamba. Anafika kachinayi, ndipo anagwetsa "ngwangwa ya nkhwazi." Anakhala pa mchenga misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, akuti, "Achimwene, mwaikamo mankhwala!"

Ndinalemba mawu onse achilendo amene anabadwa tsikulo: nkhwangwala, ngwangwa, khwazi, wakhwetsa. Onse anali a mtundu umodzi, mphuno kapena kampweya kusamukira ku mawu oyandikana nawo. Panalibe amene anasokoneza zi kapena la, ndipo panalibe amene anapunthwa pa dengu la amayi. Malo oterera kwambiri anali polumikizira, pamene umamaliza "ya ngwazi" n'kuyambanso "Nkhwazi ya", chifukwa mapasa aja amagundana mphuno popanda mawu ena pakati.

Mmodzi yekha ndiye anafika kakhumi, agogo ena aamuna osoka chilimira, amene analankhula mosakweza mawu, milomo ikungogwedezeka pang'ono. Anyamata anawanyamulira m'mwamba akuwatchula kuti ngwazi. Atawatsitsa, mdzukulu wanga anati, "Agogo, tabwerezani, koma mokweza kuti amve a kutsidya ku Malindi." Agogo anakoka mpweya, anakweza mawu, ndipo kachiwiri komwe nkhwangwala inatulukira.