Mankhwala a mudzi ogula ku famase: chifukwa chake asapitirire masiku 7

Mu kabokosi ka mankhwala a mudzi mumakhala kapepala kopindapinda ka malemba ang'onoang'ono, kamene ambiri amataya asanawerenge. Pa mankhwala ambiri otere, makamaka amphamvuwo, kapepalako kamanena kuti musawagwiritse ntchito kupitirira masiku 7. Komabe alipo anthu amene chubu chikatha amakagula china, chinanso, mpaka chaka kutha. Mudzi ndi matenda ochititsa manyazi, ndipo kupereka ndalama pa kauntala n'kosavuta kusiyana ndi kuvula thalauza pamaso pa dokotala. Kuti timvetse chifukwa cha malire a masiku 7 amenewa, tiyambe taona chimene chimakhala chitavuta m'thupimo.

Munthu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, ali ndi timinofu tofewa todzaza ndi timitsempha ta magazi m'kati mwa njira yotulukira chimbudzi. Tikuluti timakhala titatu. Ntchito yake ili ngati ya kalabala ka mu mpopi wa madzi: timathandiza kuti pakhomopo pazitsekeka bwino, mpweya ndi zamadzimadzi zisamadonthe. Munthu akamadzimbidwa kawirikawiri n'kumadzikankha mwamphamvu, akamakhalitsa m'chimbudzi, kapena mayi akakhala woyembekezera, timinofuti timatupa ndipo ulusi umene umatigwirizira m'malo mwake umatamuka. Tikatero timatsetserekera pansi, timatuluka magazi ofiira kwambiri pochita chimbudzi, ndipo nthawi zina timasuzumira kunja. Umenewo ndiye mudzi. Gwero lake ndi kutamuka kwa mnofu, ndipo palibe mafuta opaka amene angakokere mnofu wotamuka m'malo mwake.

Nanga mu chubumo muli chiyani? Mukawerenga pa kabokosi mupeza kuti mankhwalawa ndi osakaniza zinthu zingapo, chilichonse ndi ntchito yake yaing'ono.

Ofatsa kwambiri ndi amene amangophimba khungu. Anusol wamba, amene amapezeka m'mafamase ambiri, ali ndi zinki okusaidi ndi bisimafi. Zinki okusaidi ndi yemwe uja amakhala m'mafuta opaka khanda likasupuka ndi thewera. Amayala kansalu ka mafuta pakhungu kuti chinyezi ndi chimbudzi zisalipweteke, ndipo amaumitsako pang'ono malo onyowa. Basi. Ena amawonjezera mankhwala ochititsa dzanzi, monga lidokeni kapena sinkokeni, a gulu limodzi ndi aja amabaya dokotala wa mano asanazule dzino. Amenewa amatseka ululu ndi kuyabwa kwa maola ochepa, kenako dzanzi likatha zonse zimabwerera. Mtundu wina wa Preparation H wa ku Amereka uli ndi fenilefirini, amene amafinya timitsempha ta magazi kuti chotupacho chiphwe kwa kanthawi. Odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima, a shuga kapena a chithokomiro amalangizidwa kufunsa dokotala kaye asanaugwiritse ntchito.

Amene amafunika kusamala nawo kwambiri ndi a siteroidi. Mukaona zilembo HC pambuyo pa dzina la mankhwala, dziwani kuti muli haidirokotizoni. Proctosedyl ali ndi haidirokotizoni ndi sinkokeni, pamene Scheriproct ali ndi pirediniziloni ndi sinkokeni. M'maiko ena awiriwa sagulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Siteroidi amaziziritsa kutupa ndi kuyabwa mofulumira, n'chifukwa chake anthu amawatama kuti ndi achabechabe mankhwala ena onse. Koma mphamvu yomweyo ndi imene imadzabweretsa mavuto.

Tiyerekeze dalaivala wa minibasi wa zaka 38, amene amakhala pa mpando kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, nkhomaliro yake ndi tchipisi ndi sikono, madzi amamwa pang'ono poopa kuima m'njira. Wayamba kuona timagazi pa pepala ndipo kumatako kukuyabwa. Wagula mafuta okhala ndi haidirokotizoni ndi mankhwala a dzanzi. Pofika tsiku lachitatu kuyabwa kwatha, ndipo akuuza anzake pa siteji kuti wapeza mankhwala enieni. Sabata itatha wasiya, koma poti kadyedwe ndi komwe kaja ndipo akudzikankhabe m'chimbudzi, kuyabwa kwabwerera. Wayambiranso kupaka, m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku.

Pakutha miyezi iwiri zinthu zitatu zikhoza kukhala zikuchitika nthawi imodzi. Khungu la pamalo amenewa ndi lopyapyala kale, komanso ndi lofunda, lonyowa ndi lotsekeka, choncho limayamwa siteroidi kwambiri kuposa khungu la pamkono. Siteroidi akakhalitsa amalipyapyalitsa khungulo mpaka limayamba kung'ambika pongopukuta chabe. Ndiponso amafooketsa chitetezo cha pamalopo, ndiye mafangasi, amene amakonda malo achinyezi, amapeza mpata. Chachitatu, thupi la anthu ena limayamba kudana ndi mankhwala a dzanzi aja, kapena ndi zonunkhiritsa za m'mafutamo, khungu n'kufiira, kutentha ndi kutuluka timadzi. Dalaivala uja akuona kuti mudzi wakula, ndiye akuwonjezera kupaka. Chikumuyabwa tsopano ndi mankhwala omwewo. Chizindikiro chake n'chakuti kufiirako kumafalikira ponse pamene mafuta amafika, kuyabwa kumakula chikhalirecho akupaka, ndipo akalumphitsa tsiku limodzi pamayaka moto. Zikafika apa chofunika ndi kusiya mafutawo, kutsuka ndi madzi okha opanda sopo, ndi kukaonetsa kuchipatala. Masiku oyamba atasiya amakhala owawa, koma khungu limayamba kubwerera m'chimake.

Mankhwala olowetsa, aja ooneka ngati kachipolopolo, ali ndi zomwezo m'kati mwake, kungoti anaziumba mu mafuta olimba amene amasungunuka ndi kutentha kwa thupi. Anthu amawakhulupirira kwambiri poganiza kuti poti alowa m'kati afika pa gwero la matenda. Koma njira yotulukira chimbudzi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, ndipo kachipolopoloko kamakonda kutsetserekera m'mwamba n'kukasungunukira kupitirira pamene pali vuto. Ngati chikukuvutani ndi chotupa kapena kuyabwa kwa kunja, mafuta opaka ndiwo amafika pamalopo. Ndipo m'nyengo ya Okutobala, makamaka kumadera otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi Salima, kachipolopolo kosiyidwa pawindo kamasanduka phala. Kakafewa, kaviikeni m'madzi ozizira kali m'chikutiro chake kuti kalimbe, ndipo kalowetseni mutachita kale chimbudzi, osati musanapite.

Choopsa chachikulu, kwa ine, si khungu ayi. Ndi nthawi imene imatayika. Si magazi onse otuluka kumatako amene ndi a mudzi, ndipo mafuta opha ululu amatha kumugoneka munthu tulo matenda ena akukula. Ululu wonga kuchekedwa ndi lumo pochita chimbudzi, umene umakhalabe kwa ola kapena kuposa, kawirikawiri umakhala wa kang'alu ka pakhungu, ndipo kamafuna mankhwala ena. Chotupa chotentha, chogunda, chobwera ndi kuphwanya m'thupi chimakhala chithupsa chofunika kutumbula. Kabowo kotuluka mafinya kosapola, njerewere ndi zilonda nazonso anthu amazitcha mudzi, ndipo siteroidi amatha kukulitsa zina mwa izi, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka Edzi. Kwathu kuno kulinso kamwazi ndi likodzo la m'matumbo, zimene zimabweretsa magazi m'chimbudzi, ndipo mwana woyabwa kumatako usiku nthawi zambiri amakhala ndi njoka zam'mimba. Pamwamba pa zonsezi pali khansa ya m'matumbo, imene poyamba imatha kuoneka ngati mudzi. Munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri.

Choncho pali zizindikiro zimene sizifuna n'komwe kudikira masiku 7. Magazi akuda kapena osakanikirana ndi chimbudzi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa masabata angapo, kumva ngati chimbudzi sichinathe, kuonda popanda chifukwa, kutopa ndi kuyera m'maso ndi m'manja kosonyeza kuchepa kwa magazi, zonsezi ndi za kuchipatala msangamsanga. Chimodzimodzi aliyense wopitirira zaka 40 amene wayamba kumene kutuluka magazi. Kupimako n'kwachidule: dokotala amayang'ana, amapisa chala atavala gulovu, ndipo nthawi zina amalowetsa kachubu kakafupi koonera m'kati. Mphindi zochepa zatha.

Chimene chimachepetsadi mudzi n'chosasangalatsa kumva, poti sichigulidwa mu kabokosi. Ndi kufewetsa chimbudzi. Kafukufuku woyerekeza odwala anaonetsa kuti kuwonjezera zakudya zokhala ndi gaga ndi ulusi wa zomera kumachepetsa kutuluka magazi pafupifupi ndi theka. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a ulusi umenewu patsiku, ndipo kwa dalaivala wathu uja zikutanthauza nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba, nandolo kapena khobwe, bonongwe ndi nkhwani zochuluka m'mbale, papaya kapena mango, ndi botolo la madzi pambali pa mpando. Zotsatira zake zimaoneka pakapita masabata angapo, osati mawa. Chimbudzi chikabwera musachisunge, ndipo mukalowa musakhalitse. Foni isiyeni panja. Nyuzipepala ndi chitsononkho zimakanda malo ovulala kale, madzi ndiwo abwino. Dziwaninso kuti mankhwala ena opha ululu, monga kodini ndi tiramado, komanso mapiritsi owonjezera magazi a amayi oyembekezera, amadzimbiritsa. Mayi woyembekezera asasiye mapiritsi akewo, koma awauze a kusikelo za vutoli, ndipo asapake chilichonse chokhala ndi siteroidi asanafunse.

Mudzi umene umatuluka n'kumafuna kubwezedwa ndi chala, kapena umene sulowanso n'komwe, mafuta sangauthe. Kuchipatala amatha kuumanga ndi kalabala patsinde kuti ufote n'kugwa wokha patapita masiku ochepa, kuubaya jekeseni woufotetsa, kapena kuuchotsa pa opaleshoni ngati wakula kwambiri. Kuudulitsa ndi lezala kumudzi n'kuika moyo pachiswe, chifukwa pamalopo pali mitsempha yambiri ya magazi ndi mnofu umene umagwira chimbudzi, ndipo ukadulidwa molakwika munthu amatha kumadziipitsira moyo wake wonse.

Mafuta ndi tizipolopoloti tili ndi malo ake. Mudzi ukayaka, n'zomveka kupaka pang'ono m'mawa, madzulo ndi mukachita chimbudzi, monga kapepala kanenera, kuti muthe kukhala pansi ndi kugona tulo pamene mukukonza kadyedwe. Lembani pa kabokosi tsiku limene mwayamba. Likafika tsiku la 7 vuto likadalipo, ndalama ya chubu chachiwiri ikhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala.