Timizere ta pa tchati timafuna mawu otifotokoza

Mu 2007, magazini ya sayansi ya Journal of Cell Biology inasindikiza nkhani ya akatswiri atatu a ku Australia, Geoff Cumming, Fiona Fidler ndi David Vaux, yonena za timizere tija tooneka ngati chilembo cha T timene timaima pamwamba pa avereji pa tchati. Lamulo lawo loyamba linali lakuti wolemba azinena pansi pa tchati chimene timizereto tikuimira. Lachiwiri, azitchula n, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zimene anayeza.

Chifukwa chake chimaoneka bwino tikayerekeza kafukufuku wa chimanga. Mbewu yoyamba yabzalidwa pa timinda 9 ndipo yapereka avereji ya matani 4.0 pa hekitala. Yachiwiri, pa timinda 9 tina, yapereka matani 4.6. Pa mbewu iliyonse zokolola za timindato zikusiyana ndi mlingo wa 0.9, umene pa tchati amaulemba kuti SD. Kuti adziwe kudalirika kwa averejiyo, wofufuza amawerengera SE = SD/√n, ndiye 0.9 kugawa ndi 3 akupeza 0.3.

Akajambula timizere ta SE, ka mbewu yoyamba kathera pa 4.3, pomwe ka yachiwiri kakuyambira. Tangokhudzana nsonga, ndipo diso limafulumira kugamula kuti mbewu yachiwiri yapambana. Komatu kusiyana kotere kungabwere mwamwayi chabe, mwina chifukwa timinda tina tinagwera pa nthaka yachonde.

Timizere ta 95% CI timaonetsa malire amene avereji yeniyeni ikuyembekezeka kupezekamo, ndipo n'tatitali. Pa timinda 9, SE imachulukitsidwa ndi 2.31, motero mbewu yoyamba ichokera pa 3.3 kufika pa 4.7, yachiwiri pa 3.9 kufika pa 5.3. Apa timizere talowana kwambiri, ndipo woŵerenga aliyense aona yekha kuti mlandu sunathe. Zikanakhala kuti timizere tongokhudzana nsonga tija n'ta 95% CI, umboni wakuti mbewuzo n'zosiyanadi ukanakhala wamphamvu. Maonekedwe ndi amodzimodzi, koma chigamulo n'chosiyana.

N'chifukwa chake poyerekeza magulu, CI ndi imene imathandiza woŵerenga. SE imakopa olemba poti timizere take n'tatifupi, tchati n'kumaoneka chaudongo. Ena amati kungochulukitsa SE ndi 2 kwakwana, koma zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha zoyezedwa zikachuluka. Timinda tikakhala titatu tokha, amachulukitsa ndi 4.30.

Mawu oyenera pansi pa tchati chathu ndi monga aŵa: "Avereji ya zokolola, matani pa hekitala. Timizere tikuimira 95% CI; n = timinda 9 pa mbewu iliyonse." Tchati chikakhala chopanda mawu otere, woŵerenga asafulumire kukhulupirira kuti mbewu ina yapambana inzake.