Mantha ndi kutheratu mphamvu m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalamulo

Ophunzira zamalamulo akafika chaka chomaliza, kwawo amakhala atayamba kale kuwatchula kuti "a loya". Amalume amabwera ndi nkhani ya malire a munda, azakhali ndi ya chuma cha masiye, ndipo aliyense amalankhula ngati digiri ija ili kale m'chikwama. Wophunzirayo amangomwetulira, koma mumtima akudziwa zomwe zikumudikira ku Zomba, pa Yunivesite ya Malawi yomwe ambiri timaitchulabe kuti Chanco: mayeso omaliza, kafukufuku wolemba yekha amene ophunzira amati dizeteshoni, ndi mantha a "sapu", mayeso obwereza aja. Akapyola pamenepo, palinso maphunziro ena ku Malawi Institute of Legal Education asanaloledwe kuimira munthu m'bwalo la milandu.

M'chaka chimenechi ophunzira ambiri amadandaula ndi mawu amodzi, akuti "mutu sukugwira". Koma pansi pa mawu amenewa pali mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala a lina amatha kukulitsa linzake. Ichi ndicho ndikufuna kuti wophunzira, kholo lake ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi amvetse.

Vuto loyamba ndi mantha a mayeso. Wamantha amafunitsitsa kukhoza, mwinanso mopyola muyeso. Mtima umagunda, m'manja mumatuluka thukuta, m'mimba mumabwadamuka, ndipo akatsegula pepala la mayeso zonse zimene anawerenga zimabalalika. Akangotuluka m'chipindamo, mayankho aja amabwerera okha ali panjira yopita kukadya. Chimachitika n'chakuti malo amene ubongo umasungirako zinthu zomwe ukuzigwiritsa ntchito panthawiyo ndi ochepa kwambiri. Nkhawa ikalowamo, yonena kuti "ndikalephera amayi ndikawauza chiyani", imadya malo amene akanakhalamo lamulo ndi mfundo za funso. Nzeru zilipo, koma njira yozitulutsira yatsekeka.

Vuto lachiwiri ndi kutheratu mphamvu. Ili limabwera mwakachetechete, patapita miyezi yambiri munthu akudzipanikiza osapuma. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalifotokoza ndi zizindikiro zitatu: kutopa kosatha, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yako kapena kuiona ngati yopanda pake, ndi kuchepa kwa zimene umakwanitsa. Bungweli linkanena za anthu apantchito, koma aliyense amene wakhalapo m'laibulale chakumapeto kwa chaka amazizindikira. Wotheratu mphamvu sanjenjemera ayi. Amakhala maola atatu pa tsamba limodzi la chigamulo cha khothi, ndipo ukamufunsa chimene woweruza wanena, sakudziwa, komanso sizikumukhudza. Munthu amene analowa sukuluyi chifukwa chodana ndi kuponderezedwa kwa amphawi amayamba kunena kuti malamulo ndi bodza lokhalokha.

Kuwasiyanitsa n'kosavuta kwenikweni. Funsani kuti: mutapatsidwa tsiku lathunthu lopuma, mungatani? Wamantha sangapume, amabisa kabuku m'thumba. Wotheratu mphamvu amagona tsiku lonse n'kudzuka ali chimodzimodzi. Ambiri amayamba ndi mantha, mantha aja n'kuwachititsa kuchezera usiku uliwonse, kuchezerako n'kuwafikitsa pa kutheratu mphamvu. Choncho kuuza wotopa kuti "limbikira" kuli ngati kukwapula ng'ombe yomwe yagwa kale pa goli, pomwe kuuza wamantha kuti "ingopuma" kumamusiya ndi mantha omwewo m'mawa mwake.

Tiyambe ndi mantha, chifukwa maphunziro a zamalamulo ali ndi msampha wawowawo. Wophunzira amaona mulu wa milandu yakale n'kuganiza kuti ntchito yake ndi kuloweza yonse. Amawerenga, kudula mizere pansi pa mawu, kuwerenganso. Masamba aja amayamba kuoneka odziwika, iye n'kumayesa kuti wadziwa. Koma kuzindikira tsamba ukaliona n'kosiyana ndi kutulutsa lamulo m'mutu buku litatsekedwa. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Roediger ndi Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira amene amadziyesa okha pokumbukira zomwe awerenga ankakumbukira zambiri patapita sabata kuposa amene ankangobwereza kuwerenga, ngakhale kuti obwerezawo ndiwo ankadzidalira kwambiri. Wophunzira malamulo amene sanalembepo yankho lathunthu wotchi ili patsogolo pake amakumana ndi ntchito yeniyeniyo koyamba tsiku la mayeso. Mantha ake ali ndi chifukwa.

Tiyerekeze funso la mtundu umene umabwera kawirikawiri. Mnyamata wagwidwa ndi apolisi Lachisanu 10 koloko m'mawa pomuganizira kuti waba mbuzi. Sanauzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Lolemba usiku wamenyedwa mpaka wavomera, ndipo wakaonekera kukhothi Lachitatu. Funso likuti: mulangizeni.

Wamantha amaona mawu akuti "wavomera" n'kuyamba kukhuthula zonse zimene akudziwa zokhudza umboni, masamba atatu, osakhudza mnyamata uja n'komwe. Wina amangoti kakasi. Njira yodutsira pamenepa ndi kugwira cholembera n'kulemba m'mphepete mafunso ang'onoang'ono amene abisala m'nkhaniyo, musanayambe chiganizo chilichonse. Apa alipo atatu: kodi anasungidwa nthawi yopyola malire, kodi kusauzidwa ufulu wake kuli ndi zotsatira zanji, ndipo kodi khothi lichite nako chiyani kuvomera kochokera m'zibakera.

Tengani loyambalo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khothi siligwira ntchito, afikitsidwe tsiku loyamba limene khothi likhale. Werengani tsopano: kuchokera Lachisanu 10 koloko, maola 48 akutha Lamulungu 10 koloko. Khothi silikhala Lamulungu, ndiye malire ake ndi Lolemba. Anafika Lachitatu, choncho ufulu wake unaphwanyidwa. Funso, lamulo, kuliika pa nkhani, chigamulo: ndime imodzi yatha, ndipo malikisi ambiri ali pa kuwerengera masiku kuja, osati pa kutchula gawo 42. Mukatero mumapita pa lachiwiri ndi lachitatu, pomwe gawo lomwelo limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, ndipo mudzafunika kulikambirana pamodzi ndi gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu ndi umboni.

Ubwino wa njirayi kwa munthu wamantha ndi wakuti dzanja limapeza chochita mutu usanakhazikike. Simufunika kudziwa yankho lonse kuti mulembe mafunso atatu m'mphepete. Ndipo dzina la mlandu likathawa, musaime kulisaka. Lembani mfundo yake ndi chimene chinachitika. Mphunzitsi aliyense adzazindikira mlandu wa nkhono yopezeka m'botolo la chakumwa ku Scotland, wa mu 1932, ngakhale dzina lakuti Donoghue litakuthawani. Mungataye pang'ono, koma mphindi zisanu zoyang'ana kudenga zimadula kuposa pamenepo.

Nthawi nayo igaweni musanalowe. Ngati pepala ndi la maola atatu ndipo mafunso ndi anayi ofanana malikisi, muli ndi mphindi 180. Patulani 12 zowerenga ndi kusankha, funso lililonse lipatseni 40, zotsala 8 zikhale zoonanso. Mphindi 40 zikakwana, siyani malo n'kupita patsogolo, ngakhale mtima ukukana. Malikisi oyambirira a funso latsopano ndi osavuta kupeza kuposa omalizira a funso limene mwalemba kale bwino, ndipo funso lachinayi losakhudzidwa limachotsa malikisi 25 pa 100 nthawi imodzi. Zimenezi muziyesere kawiri pa sabata ndi mapepala a zaka zam'mbuyo, buku lili chitsekere, foni ili kutali, mnzanu akuchongereni. Ulendo woyamba mudzachita manyazi ndi zomwe mwalemba. Kuli bwino manyaziwo akupezereni m'chipinda mwanu.

Mtima ukayamba kuthamanga m'mayeso, ikani cholembera pansi, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Kutulutsa mpweya motalika ndiko kumachepetsa kugunda kwa mtima. Palinso kafukufuku wa mu 2011 wa Ramirez ndi Beilock, amene anapeza kuti ophunzira amantha ankakhoza bwinoko akalemba nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe. Sizitengera ndalama, bola pepalalo mulitaye musanalowe.

Kwa wotheratu mphamvu, zonsezi zidikire kaye. Iye choyamba ndi tulo. Ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo, kotero wochezera mpaka 4 koloko m'mbandakucha amataya mbali ya zomwe wawerengazo. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa kutopa koma sizikuchotsa, ndipo theka la mphamvu ya khofi limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi asanu. Kapu ya 10 koloko usiku ikugwirabe ntchito 3 koloko. Mowa wa Lachisanu umagonetsa msanga koma tulo take n'todukaduka. Maola asanu ndi awiri ogona, nthawi yofanana tsiku lililonse, kwa sabata yathunthu, ndiwo poyambira.

Chachiwiri ndi kuchepetsa katundu, ndipo apa dizeteshoni ndiyo imasautsa ambiri. Ilibe belu lonena kuti nthawi yatha, choncho imatsata munthu kulikonse: akamawerenga za mayeso amadziimba mlandu kuti sakulemba, akamalemba amadziimba mlandu kuti sakuwerenga. Ipatseni maola akeake, mwina awiri m'mawa, ndipo kunja kwa maolawo musaitsegule. Ngati mwakhala mukuwazemba aphunzitsi okuyang'anirani chifukwa mutu wachitatu sunathe, pitani nawo womwewo wosathawo. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti funso la kafukufuku ndi lalikulu kwambiri, ndipo iwo angalidule pa mphindi makumi awiri, pomwe inu mwalimbana nalo mwezi.

Pali malire amene nzeru zodzithandiza wekha zimathera. Kutopa kosatha kungakhalenso kuchepa kwa magazi kapena matenda ena, ndiye kukayezetsa n'koyenera. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa munthu ali wokhumudwa tsiku lililonse, sakusangalala ndi chilichonse, sakudya, kapena wayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, imeneyo si nkhani ya mayeso. Mnzake asamusiye yekha, amuperekeze tsiku lomwelo kuchipatala cha pasukulu kapena chilichonse chapafupi. Ku Zomba komweko kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God amathandiza anthu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ophunzira malamulo ambiri amaopa kuti zikamveka adzaoneka osayenera ntchito ya uloya, motero amabisa mpaka zinthu zitafika poipa. Wodwala apite kwa mkulu woona za ophunzira ndi kalata ya dokotala mayeso asanayambe, akafunse zimene malamulo a sukulu amalola pa nkhani yolemba mayeso nthawi ina. Pempho lotere limamveka mosavuta likafika pepala lisanalembedwe kusiyana ndi pamene zotsatira zatuluka kale.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Poimba foni m'miyezi imeneyi, nkhani ya munda wa amalume ndi ya ngongole ya sukulu zikhoza kudikira. Mufunseni mwanayo ngati wadya, ndiponso kuti dzulo anagona nthawi yanji.